Kanyali ka Injini Kakakana Kuzima, Lemberani Amene Anakugulitsani Galimoto

Pa dashibodi ya galimoto za masiku ano pali kanyali kachikasu kojambulidwa chithunzi cha injini. Pa galimoto zina pamalembedwa kuti CHECK kapena CHECK ENGINE, ndipo amakaniko amangoti cheki injini. Mukatembenuza kiyi injini isanalire, kanyalika kamayaka pamodzi ndi tinzake, ndipo injini ikangolira kamayenera kuzima. Kakapanda kuzima, kapena kakayaka muli pa ulendo, ndiye kuti kompyuta ya galimotoyo yaona vuto ndipo yalilemba. Si kanyali kofiira ka oyilo kapena ka kutentha kwa injini, kamene kakayaka muyenera kuima pomwepo. Kachikasuka nthawi zambiri kamakulolani kufika kunyumba. N'chifukwa chake anthu amakazolowera, ena mpaka kumatapo tepi yakuda.

Galimoto zambiri zimene timagula kuno n'zogwiritsidwapo kale ntchito. Zinayamba moyo wake ku Japan, zinatsika pa doko la Dar es Salaam, zinalowera pa Songwe, ndipo zina zadutsa m'manja mwa anthu awiri kapena atatu zisanafike kwa ife. Aliyense wa anthuwa anaona zinthu zimene wotsatira sanazione. Kanyali ka injini kakamayaka, kuzimitsidwa, n'kuyakanso, chinthu chotsika mtengo kwambiri chimene mwini watsopano angachite si kugula sensa kapena mapulagi ayi. Ndi kulemba kalata kwa amene anamugulitsa galimotoyo, n'kufunsa mafunso ochepa amene mayankho ake angathe kufanizidwa ndi zimene kompyuta ikunena.

Tiyerekeze nkhani ya mayi wina, mphunzitsi wa ku Kasungu, amene wagula Toyota Sienta ya 2010 kwa bambo wina wa ku Lilongwe amene anaiyendetsa zaka 2. Injini yake ndi ija ya malita 1.5, ya masilinda 4, yotchedwa 1NZ-FE. Tsiku logula anaizungulitsa m'tauni mphindi zingapo, dashibodi inali mbee. Anafika nayo ku Kasungu popanda chodandaulitsa. Patapita masiku ochepa, pa ulendo wachiwiri wautali wa pa msewu wa M1, kanyali kanayaka. Makaniko woyamba anaika galimoto pa kompyuta, nati ndi sensa chabe, n'kufufuta. Sabata isanathe kanayakanso. Wachiwiri anamasula waya wa batire kwa kanthawi, kanyali n'kuzima, kenako n'kubwerera monga mwa kale.

Chimene kompyuta imakumbukira, ndi chimene imaiwala

Kuti timvetse chifukwa chake kalata ili yofunika, tiyenera kudziwa pang'ono mmene kanyalika kamagwirira ntchito. Kuyambira mu 1996, galimoto zonse zogulitsidwa ku America zinalamulidwa kukhala ndi njira imodzi yodziyezera, yotchedwa OBD-II, ndipo maiko a ku Ulaya ndi Japan anadzatsatira ndi malamulo awo ofanana nawo. N'chifukwa chake kunsi kwa dashibodi, pafupi ndi mawondo a dalaivala, kuli polumikizira pa timabowo 16 pamene makaniko amalowetsapo sikana. Kompyuta ikapeza vuto imalemba khodi, chilembo chimodzi ndi manambala 4. Pamodzi ndi khodiyo imasunganso mmene zinthu zinalili pa mphindi imene vutolo linaoneka: liwiro la galimoto, kutentha kwa madzi, kuzungulira kwa injini, ndi kuchuluka kwa petulo amene inkawonjezera kapena kuchepetsa. Pa sikana zimenezi zimapezeka pa mawu akuti Freeze Frame.

Mavuto ambiri kompyuta siwaweruza kamodzi. Ikaona vuto pa ulendo woyamba imangolisunga kumbali, kanyali osayaka. Ikaliwonanso pa ulendo wotsatira m'pamene imayatsa. Kuwonjezera apo, mayeso ena sachitika nthawi iliyonse. Mayeso a katalitiki, mwachitsanzo, amafuna kuti injini itenthe mokwanira ndiponso kuti galimoto iyende pa liwiro lokhazikika kwa mphindi zingapo, monga mmene munthu amayendera pa msewu waukulu. Kuzungulira m'tauni, kuima pa maloboti ndi pa mabampu, nthawi zambiri sikupereka mpata umenewo. Apa m'pamene pagona chinsinsi cha Sienta ya mayi uja. Ngati wina anafufuta khodi dzulo lake la tsiku logula, galimotoyo sikanatha kudziulula pa mphindi zochepa za kuyesa. Ulendo wa ku Kasungu unali woyamba kuona vuto, ndipo wachiwiri ndi umene unayatsa kanyali.

Kufufuta khodi kuli ngati kung'amba masamba m'buku la kuchipatala la wodwala: matenda amatsala, koma dokotala wotsatira sadziwa kuti anayamba liti ndiponso mankhwala amene anayesedwa kale. Sikana ikafufuta, kapena batire ikamasulidwa pa galimoto zambiri za zaka zimenezo, khodi imachoka, Freeze Frame imachoka, ndipo mayeso onse amayambiranso. Komabe kufufutako kumasiya chizindikiro chake. Pa sikana pali malo otchedwa I/M Readiness, pamene pamaoneka mayeso amene atha ndi amene sanathe. Galimoto imene yakhala ikuyenda miyezi yambiri popanda kufufutidwa imasonyeza kuti mayeso atha. Ikamasonyeza kuti mayeso a katalitiki ndi a sensa sanathe, ndiye kuti posachedwa pomwepa wina anafufuta kapena anamasula batire. Galimoto zambiri zimanenanso makilomita amene zayenda chifufutireni.

Mayi uja akanaona zimenezi tsiku logula, kapena makaniko woyamba akanajambula zimene zinali pa sikana asanafufute, nkhani ikanakhala yapafupi. Koma tsopano makilomita amene kompyuta ikuwerenga chifufutireni akuyambira pa dzanja la makaniko wake yemwe. Zonse za kumbuyo zatsala m'mutu mwa wogulitsa ndi m'malisiti amene mwina ali m'kabati kunyumba kwake. Ine ndimaona kuti makaniko amene amafufuta khodi asanailembe pa pepala amakhala atamulakwira kasitomala, ngakhale atamulipiritsa pang'ono chotani.

Pa ulendo wachitatu mayiyu anachita bwino. Anapita kwa makaniko wina n'kumuuza kuti awerenge koma asafufute, ndipo anajambula sikanayo pa foni. Khodi inali P0420. Freeze Frame inasonyeza liwiro la makilomita 82 pa ola, madzi otentha madigiri 88, ndipo petulo amene kompyuta inkawonjezera anali pa 3 peresenti yokha, kutanthauza kuti kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo kanali bwino. Atakhala ndi zimenezi m'manja, m'pamene analemba.

Kalatayo

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi banja lonse. Ndine mayi wa ku Kasungu amene munandigulitsa Sienta yanu mwezi wathawu. Galimoto ikuyenda, koma kanyali ka cheki injini kayaka katatu chiigulireni. Kanayamba pa ulendo wanga wachiwiri wautali, ndipo kakazimitsidwa kamabwerera pasanathe sabata. Makaniko wapeza khodi ya P0420, ndipo ndatumiza chithunzi cha sikana pamodzi ndi kalatayi.

Sindikulemba kuti tikangane, bambo. Ndikufuna mundithandize kuti ndisagule zinthu zimene inu munagula kale. Kodi kanyalika kanayaka koyamba liti galimoto ili m'manja mwanu, ndipo mayileji inali pafupifupi pati? Kankayaka mokhazikika, kapena inalipo nthawi imene kankaphethira? Ngati kankaphethira, injini inkanjenjemera kapena kuchepa mphamvu, ndipo munayenda nayo chomwecho nthawi yaitali bwanji?

Ndikupemphanso mundiuze zinthu zimene zinasinthidwa chifukwa cha kanyalika, kuyambira choyamba mpaka chomaliza, ndiponso ngati zinali zatsopano kapena zochotsedwa pa galimoto ina. Ngati makaniko wanu analembapo khodi ina iliyonse, kapena ngati malisiti alipo, chithunzi chabe chindikwanira. Kodi ekizozi inadulidwapo kapena kuwotcheredwa? Nanga munkawonjezera oyilo kapena madzi pakati pa sevisi ndi sevisi? Pomaliza, khodi inafufutidwa komaliza liti, kapena batire inamasulidwa liti, musanandipatse galimotoyi?

Ngati mungalole kuti makaniko wanga alankhule ndi wanu, ndidzathokoza kwambiri. Ndikufuna kukonzetsa galimotoyi kumapeto kwa mwezi uno, choncho yankho lanu likafika isanakwane nthawi imeneyo lindithandiza.

Ndine wanu,
Mayi wa ku Kasungu

Kalatayi ingapite pa pepala kapena pa WhatsApp, bola ikhale yolembedwa. Pa foni munthu amayankha msanga kuti sakukumbuka, ndipo zimene wanena zimauluka ndi mphepo. Polemba amakhala ndi nthawi yofunsa makaniko wake ndi kufufuza malisiti, ndipo inu mumakhala ndi mawu amene mungakaonetse ku galaja osawasintha. Onaninso kuti mulibe funso lakuti "Kodi galimotoyi inali ndi vuto?" Funso lotere limayankhidwa ndi liwu limodzi, ndipo liwulo timalidziwa kale. Mafunso onse akufuna nthawi, dzina la chinthu, kapena ndondomeko ya zimene zinachitika. Mulibenso mawu oti munandinamiza. Wogulitsa akangomva fungo la mlandu amatseka pakamwa, ndipo inu mumatsala ndi khodi yokha.

Chifukwa chake khodi payokha siikwanira

P0420 imatanthauza kuti katalitiki sikugwira ntchito kufika pa mlingo woyenera. Katalitiki ndi chitini chotupa chija chimene chili pa paipi ya ekizozi, pafupi ndi injini. Mkati mwake muli chigulumwa cha dongo lowotcha chokhala ndi timabowo tambirimbiri, topakidwa zitsulo zodula kwambiri: pulatinamu, paladiyamu ndi rodiyamu. Utsi ukamadutsa m'timabowomo, mpweya wapoizoni monga kaboni monokisaidi ndi petulo wosapsa zimasandulika mpweya wosaopsa kwenikweni. Kuti idziwe ngati ntchitoyi ikuchitika, kompyuta imadalira masensa awiri, ina kutsogolo kwa katalitiki, ina kumbuyo. Utsi wochokera mu injini umasinthasintha kuchuluka kwa okosijeni mphindi iliyonse. Katalitiki yamoyo imasunga okosijeni n'kumaitulutsa pang'onopang'ono, motero sensa ya kumbuyo imawerenga modekha, pafupifupi mavoti 0.6 mpaka 0.8 injini ikatentha. Katalitiki ikafa, sensa ya kumbuyo imayamba kudumphadumpha mofulumira pakati pa 0.1 ndi 0.9, ndipo kompyuta imalemba P0420.

Vuto ndi lakuti khodiyi imangonena mapeto a nkhani. Katalitiki ilibe chinthu chozungulira kapena chokhulana, ndipo kawirikawiri siifa yokha msanga. Imaphedwa ndi chinthu china. Ingathe kupsa ndi petulo wosapsa, ingathe kumatidwa ndi phulusa la oyilo, ingathe kuwonongeka ndi madzi a mu injini olowa mu silinda, ingathe kusweka itagunda mwala kapena bampu, ndipo ingathe kubedwa. Nthawi zinanso imakhala ili bwinobwino, koma paipi yabooka pafupi ndi sensa n'kumalowetsa mpweya wakunja umene umasokoneza kuwerenga. Zonsezi zimatulutsa khodi imodzimodzi, koma mtengo wokonzera ndi wosiyana kutali. Funso lililonse m'kalata ija likufuna kupatula chimodzi mwa zimenezi.

Funso lofunika kuposa onse ndi lija la kuphethira. Kanyali kakamaphethira, kompyuta ikunena kuti silinda ina sikuwotcha petulo wake, zimene amakaniko amati injini ikumisa, ndipo kumisako kwafika poti kungawononge katalitiki. Petulo amene sanapse mu silinda amakapsera mkati mwa katalitiki. Chitinicho chimagwira ntchito chikatentha madigiri mazana angapo, koma petulo akamapsera momwemo kutenthako kumatha kudutsa madigiri 1,000, ndipo zitsulo zopakidwa zija zimawonongeka, nthawi zina dongolo mpaka kusungunuka n'kutseka timabowo. Kuyenda masabata angapo kanyali kakuphethira n'kokwanira kupha katalitiki imene ikanakhala zaka zambiri.

Yankho la wogulitsa

Tiyerekeze kuti bamboyo wayankha moona. Akuti kanyali kanayamba chaka chatha, mayileji ili pafupifupi 118,000. Poyamba kankaphethira pokwera chitunda, galimoto ikunjenjemera, ndipo anayenda nayo chomwecho pafupifupi miyezi 2 chifukwa ndalama zinali zisanapezeke. Makaniko wake anapeza P0302, nasintha koilo imodzi ndi mapulagi onse 4. Kunjenjemera kunatha, kanyali kanazima. Patatha mwezi kanayakanso, koma mokhazikika. Anasintha sensa ya kumbuyo n'kuika yatsopano, koma sizinathandize. Kuyambira pamenepo ankangomasula batire kakayaka, ndipo anachita zimenezo komaliza dzulo lake la tsiku logulitsa. Oyilo ndi madzi sankawonjezera, ekizozi sanaikhudze.

Makaniko wodziwa ntchito akawerenga yankho limeneli amaona nkhani yonse ikulumikizana. P0302 ndi kumisa kwa silinda yachiwiri. Koilo yakufa inkasiya petulo wa silinda imeneyo osapsa kwa miyezi 2, ndipo petuloyo anawotcha katalitiki. Koilo itasinthidwa chifukwa chenicheni chinachoka, koma bala linatsala, n'chifukwa chake khodi yatsopano inabwera patapita kanthawi. Sensa ija inasinthidwa pachabe, popeza inkanena zoona. Mayiyu wapulumuka kugula sensa kachiwiri, chinthu chimene makaniko woyamba uja anali atayamba kale kumulozera. Wadziwanso kuti akaika katalitiki ina, ili ndi mwayi wokhalitsa, chifukwa chimene chinapha yoyamba chinakonzedwa. Peresenti 3 ija ya pa Freeze Frame ikugwirizana ndi zimenezi. Ikanakhala yopitirira 10, bwenzi tikukayikira kuti pali mpweya wolowa molakwika kapena petulo sakufika mokwanira, ndipo bwenzi tikuyambira kumeneko.

Komabe mawu a wogulitsa si chiweruzo. Amangokuuzani koyambira kuyang'ana. Makaniko ayenera kutenthetsa injini, kuikweza mpaka izizungulira pafupifupi 2,500 pa mphindi, n'kuona pa sikana mmene sensa ya kumbuyo ikuchitira. Ayenera kumvetsera ndi kuyang'ana ngati pali pobooka pa paipi, makamaka pamene pali mwaye wakuda m'mphepete mwa zolumikizira. Ayenera kumasula mapulagi n'kuona mtundu wake, komanso kuona ngati makoilo atatu otsalawo ali bwino, pakuti ndi amsinkhu umodzi ndi ija inafa. Ekizozi ikazizira, agogode chitinicho ndi dzanja: chikamachita phokoso la timiyala mkati, dongo lasweka. Zonsezi ndi ntchito ya ola limodzi, ndipo sizifuna kugula kanthu.

Yankho likanakhala lina, njira ikanakhalanso ina. Bamboyo akananena kuti ankawonjezera lita ya oyilo pa makilomita 1,000 alionse, bwenzi tikudziwa kuti injini ikudya oyilo, ndipo katalitiki yatsopano ikanafanso pasanapite nthawi yaitali. Pamenepo nkhani si ya ekizozi koma ya maringi kapena masilo a mavavu, ndipo mayiyu akanayenera kuwerengera mtengo wotsegula injini. Akananena kuti madzi ankachepa popanda kudontha pansi, kapena kuti galimoto inawirapo, maso akanapita pa gasiketi, ndipo limenelo ndi vuto losafunika kudikira ngakhale sabata.

Yankho lina limene limamveka kawirikawiri ndi lakuti kanyali kanali koyaka kuyambira tsiku limene galimoto inafika m'dziko muno, kapena kanayamba galimoto itagona ku galaja kapena kwa owotcherera. Apa muyenera kugwada n'kusuzumira pansi pa galimoto. Chifukwa cha zitsulo zodula zija, makatalitiki amabedwa m'maiko ambiri, ndipo njira yake nthawi zina ndi yobisika: chitini chimadulidwa pamwamba pomwe diso silifika, dongo limachotsedwa, n'kuwotchereranso. Kunja chimaoneka chathunthu. Msoko wa kuwotcherera umene si wa ku fakitale, kulira kwa chitini chopanda kanthu mukachigogoda, ndi utsi woluma m'maso ndi zimene zimaulula. Pali mfundo ina yothandiza pano. Ku Japan galimoto ya munthu wamba imayezedwa ikakwanitsa zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyambira mu 2017 galimoto yoyaka kanyali ka injini siilandiridwa pa kuyezako. Izi sizitanthauza kuti galimoto iliyonse yochoka kumeneko ndi yangwiro, pakuti zina zimagulitsidwa ndendende chifukwa mwini wake waona kuti sizipambana kuyezako. Koma zikutanthauza kuti ngati wogulitsa wanu ndi amene anaiitanitsa, n'koyenera kumupempha pepala la ku okushoni, pamene woyeza wa ku Japan amalemba zolakwika zimene waona, kuphatikizapo nyali zochenjeza. Pepala likakhala chete pa za kanyali koma galimoto n'kufika kakuyaka, kukayikira kumagwera pa zimene zinachitika m'njira.

Nanga wogulitsa akakana?

Ena amayankha kuti kanyalika sikanayakepo n'kamodzi komwe. N'zotheka kuti akunena zoona, makamaka ngati ankangoyenda m'tauni maulendo afupiafupi, mmene mayeso a katalitiki sachitika kawirikawiri. N'zothekanso kuti akubisa. Galimoto yokha ingathe kuthandiza kusiyanitsa. Sensa yonyezimira pa ekizozi yadzimbiri, koilo imodzi yosiyana ndi zinzake, kapena kachitsulo kotalikitsa kamene ena amaika pakati pa paipi ndi sensa ya kumbuyo kuti anamize kompyuta, zonsezi zimasonyeza kuti wina analimbana nalo kale vutoli. Mwina anali iyeyo, mwina anali mwini wa m'mbuyo mwake, ndipo kalata yachiwiri ingafunse mofatsa kuti zinthu zimenezi zinaikidwa liti.

Za kubweza ndalama ndi nkhani ina, ndipo kalata ya mtundu uwu payokha siikakamiza munthu kulipira. Koma yankho lolembedwa, lovomereza kuti batire inamasulidwa dzulo lake la tsiku logulitsa, limakupatsani poyambira kukambirana kuti mugawane mtengo wokonzera, ndipo anthu ambiri aulemu wawo amavomera zikafika pamenepo. Ngati munagula kwa ochita malonda a galimoto osati kwa munthu wamba, kalata yanu, yankho lawo ndi zithunzi za sikana ndi zimene mungapite nazo ku bungwe la CFTC, limene limalandira madandaulo a ogula.

Amene simunagule, mwayi wanu ndi waukulu kuposa wa mayi uja. Tumizani mafunso omwewa musanapereke ndalama. Tsiku loona galimoto, tembenuzani kiyi injini isanalire n'kuonetsetsa kuti kanyalika kakuyaka, chifukwa kakapanda kuyaka pamenepo n'kutheka kuti kanachotsedwa kapena kanaphimbidwa mkati. Kenako makaniko wanu aone I/M Readiness ndi makilomita a chifufutireni. Wogulitsa akanena kuti palibe anafufutapo kanthu koma kompyuta n'kunena kuti yayenda makilomita 12 okha, mufunseni ngati batire yasinthidwa kumene, ndipo muione batireyo ndi maso anu. Dziwani kuti galimoto zina zakale zopangidwira msika wa ku Japan sizilankhula ndi masikana otchipa, ndipo zina sizisonyeza makilomitawo, choncho pamafunika sikana yodziwa mtundu wa galimotoyo.

Mayi wa ku Kasungu watsala ndi chisankho. Sienta yokhala ndi P0420 yokha ingathe kuyenda, bola katalitiki isakhale yotsekeka. Yotsekeka imadziwika ndi kulemera kwa galimoto pa chitunda, kukana kuthamanga ngakhale mutaponda mafuta, ndi kutentha kwambiri pansi. Anthu ambiri amasankha kungoyenda nako kanyali, ena amachotsa dongo lonse. Ine sindigwirizana nazo njira ziwirizi. Utsi wa galimoto yopanda katalitiki umapumidwa ndi ana oyenda m'mbali mwa msewu ndi amayi ogulitsa pa depoti, ndipo galimoto ikalira m'galaja yotseka utsiwo umapha. Chinanso, kanyalika ndi kamodzi kokha koma kamaimira makhodi mazanamazana. Kakakhala koyaka tsiku ndi tsiku chifukwa cha katalitiki, tsiku limene sensa ya kutentha kwa madzi kapena pampu ya petulo idzayambe kufooka palibe chatsopano chimene dalaivala adzaone. Amene alibe ndalama panopa ndipo wasankha kudikira, aziika galimoto pa sikana nthawi iliyonse ya sevisi kuti aone ngati pabwera khodi ina pambali pa yakaleyo.

Akadzaika katalitiki ina, kaya yatsopano kaya yochotsedwa pa Sienta ina, asadzalandire galimoto chifukwa choti dashibodi ili mbee potuluka pa geti la galaja, pakuti zimenezo anaziona kale katatu. Vuto likakonzedwadi, kompyuta imazimitsa yokha kanyali ikapambana mayeso pa maulendo 3 otsatizana, ngakhale popanda wofufuta. Ngati makaniko wafufuta, mayiyu ayende maulendo awiri kapena atatu pa msewu waukulu, injini itatentha, pa liwiro lokhazikika, kenako abwerere ku sikana. Pa I/M Readiness mayeso a katalitiki asonyeze kuti atha, ndipo pa makhodi odikira, amene sikana imawalemba kuti Pending, pasakhale P0420. Ndi bwino kugwirizana ndi makaniko ntchito isanayambe kuti gawo lomaliza la malipiro lidzaperekedwa zimenezi zikaoneka, ndipo lisiti lilembedwe tsiku, mayileji, khodi ndi chimene chasinthidwa.